Zonse n'zoyera ngati madzi: kusiyanitsa vodika, jini, ramu ndi tekila

Mutathira vodika, jini, ramu woyera ndi tekila woyera m'matambula anayi n'kuwandanditsa pa tebulo, maso sangakuuzeni kanthu. Zonse zimangoti mbee ngati madzi a pa mpopi. Mphamvu yake nayo siisiyana kwenikweni. Mabotolo ambiri amalembedwa 40 kapena 43 peresenti, kutanthauza kuti pafupifupi magawo anayi mwa khumi ndi mowa weniweniwo, umene akatswiri amautcha ethano, ndipo otsalawo ndi madzi. Ethano wa mu vodika ndi yemweyo wa mu tekila. Chimene chimalekanitsa zakumwa zinayizi ndi timafungo tochepa zedi, tosakwana ngakhale gawo limodzi pa 100 a zimene zili m'botolomo. Nkhani yonse yagona pa kumene timafungoto tachokera.

Mukafunsa pa bala, yankho limabwera msanga: vodika ndi mbatatesi, ramu ndi nzimbe, tekila ndi chomera chaminga cha m'chipululu, ndipo jini, apo ambiri amangokanda m'mutu. Yankholi lili ndi choonadi pang'ono, koma limasokeretsa. Vodika wambiri wa pa dziko lapansi amachokera ku tirigu, rayi ndi chimanga, wa mbatatesi ndi wochepa. Ndipo nzimbe imodzimodziyo ikhoza kukupatsani ramu, vodika kapena jini. Choncho kudziwa chimene chinalowa mu mgolo sikokwanira. Funso lachiwiri, limene ine ndimaliona lofunika kuposa loyambalo, n'lakuti wotcheza mowayo anafuna kusunga fungo la chinthucho kapena kulichotsa.

Aliyense amene anaonako kachasu akutchezedwa ali kale pakati pa ulendo. Pamafunika madzi a shuga, yisiti n'kudya shugayo mpaka madziwo atasanduka mowa wofooka, wa mphamvu ngati ya mowa wa m'botolo kapena kupitirirako pang'ono. Kenako mowawo amauika pa moto. Ethano amawira pa madigiri 78 pamene madzi amadikira mpaka 100, ndiye nthunzi yoyamba kukwera imakhala ndi mowa wambiri. Nthunziyo ikadutsa m'paipi yozizira imadontha ngati mowa waukali. Shuga sakwera ndi nthunzi, amatsala mu mphika. Zimene zimakwera nawo ndi timafungo ta chipangizo chija ndi tina timene yisiti anapanga pofufumitsa.

Apa ndi pamene njira zimapatukana. Mphika wamkuwa wa makedzana, wofanana ndi wa amayi otcheza kachasu koma waukulu, umalola timafungo tambiri kudutsa, ndipo ukatcheza kawiri mowa umatuluka pa mphamvu ya 55 mpaka 70 peresenti kapena kuposerapo pang'ono. M'mafakitale akuluakulu muli nsanja zachitsulo zazitali, zokhala ndi mbale zambirimbiri m'kati mwake, zimene zimatcheza mowa mobwerezabwereza osalekeza mpaka utafika 96 peresenti. Pamenepo fungo la chipangizo limakhala litatha pafupifupi lonse. Zili ngati chimanga ku chigayo: mgaiwa umabwera ndi fungo lonse la chimanga, koma mukakonola, kuviika ndi kuanika, mumapeza ufa woyera wofewa umene chimanga chake sichimvekanso kwenikweni. Ramu ndi tekila ndi mgaiwa, vodika ndi ufa woyera. Jini amayamba ngati vodika, kenako n'kupatsidwa fungo lina lachilendo.

Molasi wa ku Dwangwa, njira zitatu

Tiyeni titsate chinthu chimodzi chimene tili nacho kuno kwathu. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa, akafinya nzimbe n'kuphika madzi ake mpaka shuga atagwirana, kumatsala phala lakuda, lonanda, lotsekemera mowawirako, lotchedwa molasi. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga amene anakana kuuma. Kampani ya Ethco ku Dwangwa ndi ya PressCane ku Chikwawa zimatenga molasi ameneyu n'kupangira ethano.

Tiyerekeze kuti muli ndi mgolo umodzi wa molasiyu, mwausungunula ndi madzi, mwathira yisiti, ndipo wafufuma. Mukautcheza mu mphika wamkuwa, kapena mu nsanja koma osaufikitsa patali, chotuluka ndi ramu. Mukachinunkhiza mumamva shuga wopsa, nthochi yakupsa kwambiri, mwina ndi kafungo ka udzu wongodula. Umu ndi mmene ramu anabadwira ku zilumba za Caribbean m'zaka za m'ma 1600, m'minda ya nzimbe mmene munkagwira ntchito akapolo ochokera ku Africa, pamene molasi anali chinthu chotsala chosowa kochitaya. Fakitale ya Mount Gay ku Barbados ili ndi chikalata cha mu 1703, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Ramu ndiye wosagwirika pa anayiwa, chifukwa chilumba chilichonse chili ndi mwambo wake. Ku Jamaica amasiya molasi kufufuma masiku ambiri, nthawi zina milungu, n'kubwezeramo zotsalira za mu mphika wa ulendo wapitawo, ndipo ramu wake amakugwirani mphuno botolo likangotsekulidwa: chinanazi chimene chayamba kuola, nthochi yakuda, ena amati ngati guluu. Ku Martinique ambiri sagwiritsa molasi, amafufumitsa madzi a nzimbe ongofinya kumene, ndipo ramu wake amanunkhira ngati mwatafuna nzimbe yaiwisi m'munda. Dziko la Brazil lili ndi mowa wakewake wa mtundu womwewu wa madzi a nzimbe. Pomwe ku Cuba, banja la Bacardi kuyambira mu 1862 linatchuka ndi ramu wopepuka, wosefedwa ndi makala, amene fungo lake la nzimbe ndi lakutali. Ramu wopepukayu tidzakumana naye kutsogoloku, chifukwa ndi amene amapusitsa anthu ambiri.

Chinthu chimodzi choti tichiwongole. Ramu sakhala ndi shuga chifukwa choti wachokera ku nzimbe. Tanena kale kuti shuga amatsala mu mphika. Mphuno ndi imene imamva fungo la zotsekemera n'kuuza lilime kuti liyembekezere shuga. Ramu akakhala wotsekemeradi pa lilime, ndiye kuti shugayo anachita kuthiramo pambuyo pake, ndipo opanga ambiri amatero. Mtundu wakuda nawo suchokera ku molasi, pakuti mowa uliwonse umadontha woyera. Umachokera ku migolo ya mtengo wa oki mmene ramu amagonekedwa, kapena ku shuga wootcha amene amathiramo kuti aoneke wokhwima. Ramu wakuda bii akhoza kukhala wamng'ono kuposa wofiirira pang'ono.

Bwererani ku mgolo wathu uja. Ulendo uno mowawo muupititse mu nsanja zazitali mpaka 96 peresenti, muusefe ndi makala, muusungunule ndi madzi abwino kufika 40. Nzimbe yasowa. Chimene muli nacho mukhoza kuchilemba kuti vodika, ndipo simunanamize munthu. Malamulo a ku Ulaya amangofuna kuti vodika wosachokera ku mbewu za mtundu wa tirigu kapena mbatatesi anene pa botolo chimene wachokerako. Kuli vodika wa mphesa wotchedwa Cîroc wa ku France. Absolut wa ku Sweden ndi wa tirigu, Belvedere wa ku Poland ndi wa rayi, ndipo Chopin, wa ku Poland komweko, anatchuka ndi mbatatesi. Dziko la Poland ndi la Russia amalimbirana kuti anayamba ndani, mkangano umene tiwasiyire eni ake.

Kodi ndiye kuti vodika yense ndi mmodzi? Osati ndendende. Wa tirigu amakhala wosalala, wa rayi ali ndi kakuyabwa ngati tsabola kumapeto, wa mbatatesi amamveka wolemererapo m'kamwa. Koma kusiyanaku n'kochepa, kumamveka ukamamwa wosasakaniza ndiponso wosazizira. Mukangothira madzi a malalanje kapena chakumwa cha shuga, n'chapatali kuti mulekanitse botolo lodula ndi lotchipa, ndipo amene amaumirira dzina lodula pa chisakanizo chotere akulipirira botolo, osati kukoma.

Njira yachitatu ndi ya jini. Mutenge mowa woyera wopanda fungo uja, muubwezere mu mphika wamkuwa, muviikemo zipatso za junipa pamodzi ndi zonunkhiritsa zina, n'kutchezanso. Mafuta a zomerazo amakwera ndi nthunzi n'kulowa m'mowamo. Jini alibe chipangizo chakechake chimene amafufumitsa. A ku Britain ambiri amayambira pa mowa wa tirigu, pamene Malawi Gin wathuyu maziko ake ndi mowa wa nzimbe, ndipo onsewo ndi jini chifukwa cha chinthu chimodzi: fungo la junipa liyenera kukhala patsogolo.

Junipa ndi kamtengo ka m'banja limodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje, ndipo m'bale wake wina amamera ku Nyika, kumene kuli kankhalango ka mitengo ikuluikulu ya junipa. Wa mu jini ndi wa ku Ulaya, ndipo zipatso zake, tating'ono takuda mobiriwira, zambiri amathyola m'tchire m'mapiri a ku Italy ndi a ku Balkan. Fungo lake ndi la utomoni, longa la thabwa la paini longocheka kumene kapena masamba ake ukawafikisa m'manja. Munthu akati jini amamununkhira ngati mankhwala kapena sopo, kawirikawiri akunena junipa ameneyu. Pambali pake pamakhala njere za koriyanda, zimene zimabweretsa kafungo ka ndimu ndi tsabola, muzu wa anjelika wa fungo la nthaka youma, ndi makoko a malalanje kapena mandimu. Opanga Beefeater ku London amaviika zonunkhiritsa zawo maola 24 asanayatse moto, ndipo a Hendrick's ku Scotland amawonjeza nkhaka ndi duwa la rozi.

Jini anachokera kwa Adatchi, n'kuwolokera ku England kumene m'zaka zoyambirira za m'ma 1700 anatchipa mpaka kusautsa mzinda wa London, boma n'kukhwimitsa lamulo mu 1751. Mawu oti London Dry pa botolo sanena za malo. Amanena za kapangidwe: fungo lonse lilowe potcheza, osathiramonso zonunkhiritsa pambuyo, ndipo shuga asamveke. Jini wotchipa kwambiri nthawi zina amangothira madzi a fungo mu mowa woyera osatchezanso, ndipo amadziwika ndi fungo lobaya limene limatha msanga. Kuwawa kumene anthu amanamizira jini nthawi zambiri si kwake. Ndi kwa toniki, amene ali ndi kwinini, mankhwala akale a malungo, ngakhale kwinini wa mu toniki wa masiku ano ndi wochepa kwambiri moti sangachize kapena kuteteza munthu.

Chomera chodikira zaka

Tekila yekha ndiye simungamupeze mu mgolo wa molasi uja, ndipo simungamupange ku Malawi kuno ngakhale mutabzala chomera chake. Kuyambira mu 1974 dzinali ndi lotetezedwa: tekila ayenera kuchokera ku Mexico, m'chigawo cha Jalisco ndi madera ena osankhidwa a Guanajuato, Michoacán, Nayarit ndi Tamaulipas, ndipo chomera chake chikhale agave wa mtundu umodzi wokha, wa masamba obiriwira motuwa ngati mtambo. Agave ndi m'bale wa khonje. Amene anaona khonje m'malire a munda, masamba ake aatali osongoka ngati mikondo, waona kale maonekedwe ake.

Tirigu ndi nzimbe zimakololedwa chaka ndi chaka, koma agave amatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu, nthawi zina kuposerapo, ndipo akakololedwa wafa. Wokolola amagwiritsa mpeni wozungulira wa mpini wautali. Amagwetsa chomeracho n'kusadza masamba onse mpaka kutsala mutu woyera wooneka ngati chinanazi chachikulu, wolemera makilogalamu makumi angapo, woti munthu mmodzi amavutika kuunyamula. Mutu wauwisiwo yisiti sangaudye. Shuga wake ndi womangika, monga mmene chimanga chimafunira chimera kuti chisanduke mowa, koma agave amamasulidwa ndi moto. Amaudula pakati n'kuuphika ndi nthunzi mu uvuni wa njerwa tsiku limodzi kapena awiri, kapena m'mathanki achitsulo kwa maola ochepa. Umatuluka wofiirira, wofewa, wonunkhira ngati mbatata yootcha yothira uchi. Akaufinya, madziwo amafufumitsa n'kutcheza kawiri, ndipo mwadala saufikitsa pa mphamvu yaikulu. Ambiri amalekezera cha m'ma 55 peresenti kuti fungo la agave lisathawe.

Fungo limenelo silifanana ndi china chilichonse pa shelefu. Muli kutsekemera kwa agave wophika, tsabola, masamba aawisi, ndi kafungo ka dothi lonyowa. Agave wa kumapiri a Jalisco, wa m'dothi lofiira, amati amatulutsa tekila wonunkhira zipatso, pamene wa m'chigwa chozungulira tauni ya Tequila amakhala wa fungo la nthaka ndi zitsamba.

Pa botolo pali mawu ofunika kuwayang'ana kuposa dzina la kampani: 100% de agave. Akasowa mawu amenewa, ndiye kuti lamulo lalola wopangayo kutenga 51 peresenti yokha ya shuga kuchokera ku agave, wotsalayo n'kukhala wa nzimbe kapena chimanga. Tekila wotere, makamaka wooneka wagolide chifukwa cha shuga wootcha, ndi amene anthu ambiri anayamba kulawa, ndipo n'chifukwa chake amamukumbukira ndi mchere ndi ndimu zothamangitsira kukoma kwake kukhosi. Wabwino safuna kubisidwa. Mawu oti blanco amatanthauza woyera, amene sanakhalitse mu mgolo. Reposado wagona miyezi iwiri kapena kuposerapo. Añejo wagona chaka chimodzi mpaka zitatu. Botolo lenileni limakhalanso ndi zilembo NOM ndi manambala anayi osonyeza fakitale yake. Za mphutsi ya m'botolo ija, imeneyo imapezeka m'mabotolo ena a mesikali, mowa wina wa agave umene mitu yake amaiotcha m'dzenje la moto n'kumanunkha utsi. Mu tekila mulibe.

Matambula anayi pa tebulo

Amene akufuna kuphunzitsa mphuno yake achite motere. Apeze anayiwa onse oyera, chifukwa mgolo wa oki umapaka fungo la vanila ndi shuga wopsa pa mowa uliwonse, moti ramu wokhalitsa ndi tekila wokhalitsa amayamba kufanana. Asawaike mu firiji ndipo asathire ayisi, pakuti kuzizira kumatsekera fungo. M'tambula iliyonse athire theka la toti ndi madzi ochuluka chimodzimodzi. Mowa wa 40 peresenti utsika kufika 20, ukali wobaya mphuno uchepa, ndipo timafungo tija timasuka. Mnzake asinthanitse matambulawo iye atatembenuka.

Ponunkhiza asamize mphuno m'tambula. Aiyandikize pang'onopang'ono, kukamwa kuli kotsekula pang'ono. Jini amadziulula yekha, utomoni wa paini ndi khoko la ndimu. Tekila naye sabisala: masamba, tsabola, dothi. Awiriwa sasokonezeka, ngakhale onse ali ndi fungo la zomera, chifukwa la jini ndi louma ndi lozizira pamene la tekila ndi lonyowa, lophikidwa. Vuto limatsala pa matambula awiri enawo. Ramu woyera wopepuka wa mtundu wa ku Cuba uja anatchezedwa mpaka pafupi ndi malire a vodika, ndipo pomununkhiza koyamba amaoneka wopanda kanthu.

Apa pali njira ziwiri. Yoyamba, kudonthezera pang'ono m'chikhatho, kufikisa manja mpaka ataume, n'kununkhiza. Ethano amauluka, zotsala n'kukhala pa khungu. Vodika amasiya manja opanda fungo, mwina kafungo ka buledi kakutali, koma ramu amasiya kafungo ka shuga wofiira. Yachiwiri, kukhuthula matambulawo n'kuwasiya mphindi khumi. Ya vodika imanunkha galasi basi, ya ramu imakhalabe ndi nzimbe pansi pake. Polawa, ayambe ndi amene akumuganizira kuti ndi vodika, atsatize ramu, kenako tekila, jini akhale womaliza, chifukwa mafuta a junipa amakanirira m'kamwa n'kuphimba chilichonse chobwera pambuyo. Kunyowetsa lilime n'kokwanira. Akatswiri a ntchitoyi amalavula, ndipo ngakhale theka la toti kanayi ndi matoti awiri athunthu, mowa wopitirira botolo limodzi la mowa wamba.

Pali zina zimene zingamugwetse ngakhale wozolowera. Vodika wothira fungo la ndimu amayandikira jini, koma mufunefune utomoni uja: ngati mulibe junipa, si jini. Jini wina wamakono, makamaka wofiirira wa fungo la zipatso, junipa wake anamukankhira kumbuyo kwambiri moti n'zovuta kumuteteza kuti si vodika wonunkhiritsa. Ramu wothira zonunkhiritsa monga vanila ndi sinamoni amakuphunzitsani fungo la zothirazo, osati la nzimbe. Ndiye palinso mowa woyera wa nzimbe wofala kuno kum'mwera kwa Africa, monga Mainstay wa ku South Africa. Chipangizo chake ndi cha ramu, koma anautcheza mpaka kuyera, ndiye pa mphuno uli kumbali ya vodika.

Mphuno ili ndi malire ake. Ikhoza kukuuzani kuti botolo lolembedwa jini lathiridwa mowa wamba, chifukwa junipa akhala atasowa, ndipo tekila wabodza amagwidwa mofananamo. Vodika ndiye wosavuta kunamizira, popeza palibe fungo limene likuyembekezeka. Choopsa n'chakuti methano, mowa wa m'mafakitale umene anthu osakhulupirika amasakaniza mu zakumwa zachinyengo, amanunkha ndi kukoma pafupifupi ngati ethano. Masipuni ochepa chabe akhoza kuchititsa khungu kapena kupha, ndipo zizindikiro zake, mutu, kusanza ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, zimatha kuchedwa maola 12 mpaka 24, munthu n'kumayesa matsire. Zikatero ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo. Palibe kufikisa m'manja kapena kununkhiza tambula kumene kungamugwire methano. Chimene chimathandiza ndi kuona ngati chotsekera botolo sichinatsekulidwepo, kugula pa malo odziwika, ndi kukayikira botolo la dzina lodula limene likugulitsidwa pa mtengo wa kachasu.